"Ndinaitana" kapena "ndidzaitana"? Aneni a mu Salimo 18 andisokoneza

Chikondi: Akuluakulu, ndithandizeni. Chaka chatha chonse tinaphunzira kuti katal, ija ena amati pefekiti, ndi nthawi yapita, yiktol ndi yam'tsogolo, ndipo ukaona wa- kumayambiriro kwa yiktol ndiye kuti nkhani yabwerera ku zakale. Mu Rute ndi mu Genesis zimenezi zinkandiyendera bwino kwambiri. Tsopano atipatsa Salimo 18 kuti timasulire, ndipo ndakakamira pa vesi 6, imene mu Baibulo la Chiheberi ndi vesi 7 chifukwa iwo amawerengera mutu wa salimo ngati vesi yoyamba. Aneni onse anayi ndi yiktol: ekra, ashawea, yishma, tavo. Ndikatsata tebulo langa ndilemba kuti "ndidzaitana Yehova, ndidzafuula, adzamva mawu anga, kulira kwanga kudzafika m'makutu mwake." Koma vesi yotsatira ikuyamba ndi watig'ash watir'ash, "dziko linagwedezeka, linanjenjemera." Dziko ligwedezeka bwanji dzulo poyankha pemphero limene munthu adzapemphere mawa?

Limbani: Vuto ndi tebulolo achemwali. Chiheberi chilibe nthawi ngati mmene ife timaganizira. Katal imaonetsa ntchito yathunthu, yotheka, pomwe yiktol imaonetsa ntchito imene ikadali m'kati, kaya ndi dzulo, lero kapena mawa. Katswiri wa Chiheberi Driver analemba zimenezi kalekale mu 1874. Ndiye lembani "ndinkaitana, ndinkafuula, ankamva, kulira kunkafika." Komanso mu ndakatulo musamazitengere kwambiri, alakatuli ankangosinthasintha kuti zimveke bwino.

Chikondi: "Ndinkaitana" ndikuvomera, ikukoma. Koma "ankamva" ikundivuta. Zikumveka ngati Mulungu ankangomva tsiku ndi tsiku osachitapo kanthu, chonsecho salimoli likunena za tsiku limodzi limene anang'amba thambo n'kutsika.

Abusa Mbewe: Mwanawe, kwa Mulungu dzulo ndi mawa n'chimodzimodzi. Taona Yesaya 9:6. Mneneri akuti mwana watibadwira, yulad, pamene mwanayo anali asanabadwe. Ananena ngati zachitika kale chifukwa chimene Mulungu walonjeza sichilephereka. Ine ndalalikira ndime imeneyi pa Khirisimasi zaka zambiri ndipo sinandivutepo.

Chikondi: Zikomo abusa. Koma langa latembenuka. Inu mukunena za katal yonena zam'tsogolo, ine ndili ndi yiktol imene ikuoneka kuti ikunena zakale.

Mayi Nachisale: Chikondi, wasankhiridwa salimo labwino, chifukwa ili tili nalo kawiri. Tsegula 2 Samueli 22 uliike pambali pa Salimo 18. Ndi nyimbo yomweyo, koma inadutsa m'manja mwa alembi osiyana, ndiye pamene akusiyana m'pamene timaphunzira.

Yamba ndi mneni wakuvutayo. Salimo likuti yishma. Pa 2 Samueli 22:7 pali wayishma, "ndipo anamva," mneni wa nkhani wamba amene wamuona kambirimbiri mu Rute. Tsika pang'ono. Salimo 18:11 likuti yashet, za kuika mdima kukhala pobisalira pake, pamene 2 Samueli 22:12 akuti wayashet. Munthu atha kunena kuti wolemba salimo ankangotaya wa- uja. Koma pita pa bingu: Salimo 18:13 ndi limene lili ndi wayar'em, "ndipo anagunda," pomwe 2 Samueli 22:14 ali ndi yar'em wopanda kanthu kutsogolo. Ndiye kusinthaku kukupita mbali zonse ziwiri. Kwa anthu amene ankaimba ndi kukopera nyimboyi, yishma ndi wayishma pamalo amenewa ankanena chinthu chimodzi.

Tsopano yang'anitsitsa yashet. Mneni ameneyu ali ndi maonekedwe awiri. Pa Genesis 46:4, pamene Mulungu akuuza Yakobo kuti Yosefe adzaika dzanja lake pa maso ake, mawu ndi yashit, ndi i wautali. Mu salimoli ndi yashet, waufupi, yemweyo amene ali m'kati mwa wayashet. Chimodzimodzi yar'em: wautali wake akanakhala yar'im.

Chimene chinachitika n'chakuti kale kwambiri panali aneni awiri osiyana. Wina anali yaktul, waufupi, amene ankanena chinthu chimene chinachitika n'kutha, komanso ankagwira ntchito yofunira kapena kulamula, monga "achite." Wina anali yaktulu, wokhala ndi u kumapeto, wonena zochitikachitika, zimene zili m'kati, ndi zam'tsogolo. Timawaona onse awiri m'makalata a ku Amarna, amene mafumu a ku Kanani ankalembera Farao m'zaka za m'ma 1300 Yesu asanabadwe. Makalatawa anapezeka ku Igupto mu 1887, ndipo William Moran anasanthula aneni a m'makalata ochokera ku Gebala mu 1950. Patapita nthawi Chiheberi chinataya malembo a liwu aafupi a kumapeto kwa mawu. U uja atagwa, yaktul ndi yaktulu anafanana, onse n'kukhala yiktol. M'nkhani wamba, waufupi wonena zakale anatsala atamatirira kwa wa-. Ndiye wa- satembenuza nthawi ayi, wangosunga mneni amene anali wa zakale kuyambira pachiyambi. M'ndakatulo zina, makamaka zakale monga iyi ndi Deuteronomo 32, mneniyu amayendabe yekha.

Ndiye yishma lemba "anamva."

Thoko ku Joni: Amayi, izi zandikumbutsa zathu zomwe. Ine ndimamasulira zikalata kuno, ndipo -ma- amandipatsa ntchito. Ndikalemba "ndimapita kumsika," palibe angadziwe ngati ndikunena chizolowezi changa cha Loweruka lililonse kapena zadzulo, monga "ndimapita kumsika pamene mvula imayamba." Polankhula timasiyanitsa ndi kukweza mawu, poyamba paja pa ndi-, pachiwiripa pa -pi-. Papepala n'chimodzimodzi, ndiye umayang'ana mawu oyandikana nawo.

Mayi Nachisale: Mwalasa a Thoko. Kusiyana kwake n'kwakuti ife khutu limatithandizabe, wina akatiwerengera mokweza timadziwa. Mu Chiheberi cha Amasoreti, alembi achiyuda amene anaika timadontho ta mawerengedwe, aneni ambiri anafanana ngakhale pakamwa.

Limbani: Mbiriyo ndaimva ndipo sindikutsutsa. Koma mwatipatsa aneni awiri okha amene kufupika kwawo kukuoneka, mu salimo la mavesi 50. Yishma sakuonetsa kanthu. Mwamutcha waufupi chifukwa cha Samueli basi. Nanga salimo limene lilibe mnzake woyerekeza naye titani? Si ndiye kuti aliyense azingotcha "waufupi" mneni aliyense amene akufuna kuti akhale wa zakale?

Mayi Nachisale: Funso limenelo ndi loona a Limbani, ndipo ena anachitadi zomwezo mopitirira. Kufupika kumaoneka m'magulu ochepa: aneni okhala ndi liwu lalitali pakati monga yashit ndi yakum, aneni othera ndi chilembo cha he monga yivne amene waufupi wake ndi yiven, ndi hifil monga yar'im. Ngakhale m'magulu amenewa, mneni akangokhala wa anthu ambiri kapena akalandira kachidutswa ka "ine" kapena "iwo" kumapeto, chizindikiro chimabisika. Taonani vesi 16: yishlakh, yikakheni, yamsheni. Palibe ndi mmodzi yemwe amene akuonetsa, ndipo Samueli ali ndi mawu omwewo. Timati "anatambasula dzanja, ananditenga, anandivuula m'madzi ambiri" chifukwa ali m'kati mwa nkhani imene yadzaza ndi wayiktol, ndipo akutsatana ngati masitepe, china chikatha china.

Chothandiza china ndi malo a mneni. Waufupi amakonda kukhala patsogolo pa chiganizo, wautali amakonda kubwera pambuyo pa mawu ena. Yishma, yashet, yar'em, yishlakh, onsewa ali patsogolo. Koma pa vesi 7, yirgazu akubwera pambuyo pa "maziko a mapiri," ndipo pa vesi 8 tokhel akubwera pambuyo pa "moto wochokera m'kamwa mwake." Pamenepa mawu anu aja akugwira: maziko ankanjenjemera, moto unkanyeketsa. Ndi chithunzi chimene chikupitirira pamene zinazo zikuchitika. Si lamulo losaphwanyika, ndi chizolowezi chabe, koma chimathandiza.

Pamene sindikugwirizana nanu ndi pa mawu akuti alakatuli ankangosinthasintha. N'zoona kuti amakonda kuika katal mu mzere woyamba, yiktol mu wachiwiri, monga pa vesi 4, afafuni kenako yeva'atuni. Koma tikangoti "ndi kukometsa chabe" timasiya kufunsa, ndipo sitimvanso kuti zingwe za imfa zinamukulunga kamodzi, pamene mitsinje inkamuopsa osaleka.

Chikondi: Ndiye ngati ndamva bwino, ekra ndi ashawea ali pambuyo pa mawu ena, "m'masautso anga" ndi "kwa Mulungu wanga," pamene yishma ali patsogolo. Ndingalembe kuti "M'masautso anga ndinkaitana Yehova, ndinkafuulira Mulungu wanga, anamva mawu anga ali m'Kachisi wake"? Ndikumva ngati munthu analira nthawi yaitali, kenako yankho linabwera kamodzi.

Mayi Nachisale: Ungalembe, ndipo ungaikire kumbuyo ndi zifukwa. Wina akalemba "ndinaitana" sindingamuchotsere malikisi, chifukwa ekra saonetsa utali wake. Chimene sindingalole ndi "ndidzaitana" pa vesi imeneyi. Koma bwerera pa vesi 3. Pali ekra yemweyo, zilembo zomwezo, timadontho tomweto. Pamenepo nkhani isanayambe, wolemba akungotchula Mulungu kuti thanthwe langa, linga langa, chishango changa. Ekra ameneyo ndi "ndimaitana," ndipo mnzake ndi "ndimapulumutsidwa kwa adani anga." Liwu limodzi, mavesi awiri okha pakati, nthawi ziwiri.

Abusa Mbewe: Amayi, ndikufuna ndimvetse chinthu chimodzi. Anthu amene anamasulira Baibulo m'Chigiriki kale lija anali Ayuda, ndipo anali pafupi ndi chinenerochi kuposa ife. Iwo anachita bwanji? Ngati iwo anadziwa, bwanji osangowatsata?

Mayi Nachisale: Abusa, nawonso anavutika pomwepa. Mu Seputuwaginta salimoli ndi la 17. Pa vesi ya Chikondiyi anaika aneni atatu oyamba m'nthawi yakale, ndinaitana, ndinafuula, anamva, koma wachinayi, tavo, anamuika m'tsogolo: kulira kwanga kudzalowa m'makutu mwake. Pa mavesi 16 ndi 17 anachitanso zomwezo. Anatuma, ananditenga, kenako mwadzidzidzi "adzandilanditsa kwa adani anga amphamvu." Zikuoneka kuti nkhani inkawakokera ku zakale, maonekedwe a mneni n'kumawakokera kutsogolo. Pofika nthawi yawo yaktul woyenda yekha anali atasowa kale m'chilankhulo cha tsiku ndi tsiku.

Limbani: Ndiye tiyeni pa vesi 37, tione ngati njira yanuyi ipirira. Erdof oyevai, we'asigem, welo ashuv. Ine ndikuwerenga "ndidzathamangitsa adani anga, ndidzawapeza, sindidzabwerera mpaka atatha." Apa ndi we-, osati wa-. Ndipo ashuv ndi wautali.

Mayi Nachisale: Apa ndiye mwandifikitsa pamene ineyo sindiima ndi miyendo iwiri. Seputuwaginta ili mbali yanu, inaika zam'tsogolo. Koma 2 Samueli 22:38 ali ndi wa'ashmidem, "ndipo ndinawawononga," wa- wa nkhani. Ndiye Amasoreti omwewo, amene anaika timadontho zaka mazana ambiri nyimboyi italembedwa, anasunga mawerengedwe awiri: mu Samueli zakale, mu Salimo zotseguka. Chilembo cha waw n'chimodzi, kusiyana kuli pa kadontho ka pansi. Za ashuv, aneni a "ine" sakonda kufupika ngakhale m'nkhani wamba, ndiye utali wake sutsimikiza zambiri.

Mutu wa salimo ukuti Davide anaimba nyimboyi tsiku limene Yehova anamulanditsa kwa adani ake onse ndi kwa Sauli, ndiye wowerenga ndi mutuwo amamva zakale. Koma kuyambira vesi 25 wolemba wakhala akunena zimene Mulungu amachita nthawi zonse, kwa wachifundo mumakhala wachifundo, mumayatsa nyale yanga. Ndiye pali njira yachitatu: "ndimathamangitsa adani anga n'kuwapeza." Mfumu imene ikuimba salimoli m'Kachisi zaka zambiri Davide atamwalira ikanatha kulimva choncho. Ine ndimapendekera ku zakale chifukwa pa mavesi 39 ndi 40 pakubweranso wate'azreni ndi natata, "munandimanga m'chiuno ndi mphamvu," "munandipatsa." Koma sindinganene kuti nkhani yatha.

Thoko ku Joni: Chimene chimandiwawa n'chakuti Chichewa sichilola kubisala. Pakati pa ndi- ndi tsinde uyenera kuikapo kanthu, -na-, -nka-, -ma-, -dza-, ndipo ukangoika wasankha. Njira yokhayo yozembera imene ndaipeza ndi n'ku-, monga "ndinathamangitsa adani n'kuwapeza," chifukwa n'ku- amabwereka nthawi kwa mneni woyamba. Koma woyambayo uyenerabe kumupatsa nthawi yake.

Agogo Aphiri: Ana anga, ine Chiheberi ndinangochilawa pang'ono pa maphunziro a ukatekisiti, koma ndakhala ndikuwerenga zonsezi. Ndili ndi langa. Mkazi wanga atagonekedwa m'chipatala chaka chatha, usiku ndinkamuwerengera Salimo 3. Mdzukulu wanga anali ndi Baibulo lachingerezi la NIV pa foni, ine ndili ndi langa lakale. Pa vesi 7 tinasiyana. Langa linkanena ngati Mulungu wakantha kale adani pa tsaya ndi kuthyola mano awo. La mdzukulu linkapempha kuti akanthe, athyole. Mayi ake a ana anafunsa ali chigonere kuti, "Nanga wachita kale kapena tikumupempha?" Ndinasowa choyankha. Kodi ndi yiktol yomweyi?

Mayi Nachisale: Pepani agogo ndi matendawo. Limeneli ndi mbali ina ya vuto lomweli, koma aneni ake ndi katal: hikita ndi shibarta. Vesiyo ikuyamba ndi kupempha koonekeratu, kuma, hoshieni, "dzukani Yehova, ndipulumutseni," kenako ki, kenako aneni awiriwo.

Anthu amawerenga m'njira zitatu. Ena amati ki ndi "pakuti," ndipo wopempherayo akukumbutsa Mulungu zimene anachitapo kale: ndipulumutseni, pakuti inu munakanthapo adani anga. Ena amati ndi kutsimikiza mtima, kunena chinthu chisanachitike ngati chachitika, zija abusa ananena za Yesaya. Achitatu, kutsatira Moses Buttenwieser amene analemba za Masalimo mu 1938, amati katal ikakhala pakati pa mawu opempha nayonso imapempha, ndipo ki pamenepo ndi "ndithu." Amaloza ku Chiarabu, kumene mneni wofanana ndi katal amagwira ntchito podalitsa ndi pofunira munthu zabwino. Omasulira a mdzukulu wanu anatsata njira yachitatuyi. Akatswiri ena mpaka lero savomera kuti katal yopempha ilipo m'Chiheberi.

Ine pa salimo ili ndimatsata yoyamba, chifukwa vesi 5 yanena kale kuti "ndinagona tulo, ndinadzuka," ndiye munthuyu ali ndi zimene waona ndi maso ake, ndipo ki wotanthauza "pakuti" pambuyo pa pempho ndi wofala kwambiri m'Masalimo.

Abusa Mbewe: Koma njira yachiwiriyo musaitaye amayi, ifenso timalankhula choncho. Munthu akutsanzika akadali pakhomo amati "ndapita." Bwato likayamba kulowa madzi anthu amakuwa kuti "tafa!" ali moyo. Aisraeli ananenanso chimodzimodzi kwa Mose pa Numeri 17:12, tafa, tatayika, tonse tatayika, ndipo ndikukumbukira kuti pamenepo ndi katal.

Mayi Nachisale: Ndi katal ndithu abusa, gawanu, avadnu. Ndipo -a- wathuyu nthawi zambiri amagwira katal bwino kuposa -na-. Zakanti pa Salimo 37:25 ndi "ndakalamba," osati "ndinakalamba." Pa Salimo 3:7 "mwakantha, mwathyola" akusiya khomo lotseguka kwa njira yoyamba ndi yachiwiri pamodzi. Yachitatu yokha ndi imene ikutsala panja.

Pamene pamandisowetsa tulo ndi pa Salimo 22:21. Pempho likuyenda, ndipulumutseni m'kamwa mwa mkango, ku nyanga za njati, kenako liwu lomaliza ndi anitani, katal, popanda ki womuthandiza. Ukaliwerenga "mwandiyankha," ndiye kuti salimo lonse likutembenukira pa liwu limodzi limeneli, chifukwa vesi yotsatira ikuyamba kutamanda pakati pa msonkhano. Ukaliwerenga "ndiyankheni," munthuyo akadali m'kamwa mwa mkango pamene akulonjeza kutamanda. Seputuwaginta sinaone mneni n'komwe pamenepa, inawerenga ngati dzina, "kunyozeka kwanga."

Limbani: Pamenepo ine ndili ndi "mwandiyankha," ndipo sindisuntha. Pa vesi 2 wadandaula kuti ndimaitana usana koma simuyankha, welo ta'ane, tsinde lomwelo. Wolemba anabweza liwulo dala.

Agogo Aphiri: Zikomo ana anga. Mayi akuchira, akuyenda ndi ndodo tsopano. Madzulo ano ndiwawerengera ndi "mwakantha," ndiwauzenso kuti ena amapempha.

Chikondi: Ndalemba vesi 6 ndi "ndinkaitana, ndinkafuula, anamva," ndipo m'munsi ndaika wayishma wa Samueli ndi yashet ngati umboni. Tavo ndamuika "kunafika," ngakhale ali pambuyo pa mawu ena, chifukwa "kunkafika" pambuyo pa "anamva" ikubweza nkhani m'mbuyo. Amayi, ngati pamenepo ndaphwanya chizolowezi chija cha malo a mneni mundiuze. Vesi 37 sindinaimalize, ndalemba "ndinathamangitsa" ndi pensulo, ndipo tipereka Lachisanu.

Mayi Nachisale: Tavo usiye momwemo, koma ulembe chifukwa chake monga wandiuziramu, ndipo utchule kuti Samueli alibe mneni ameneyu n'komwe, angoti "kulira kwanga m'makutu mwake." Pa vesi 37 usanafufute pensuloyo, werenga kuyambira 32 mpaka 45 mokweza kawiri, koyamba ndi -na-, kachiwiri ndi -ma-, ulembe vesi imene iliyonse ikukukhumudwitsa. Unditumizire zimene upeze, ndikufuna ndione ngati tikhumudwe pa vesi imodzi.